Mmene mungayankhire munthu wofunsa kuti "Pantchito mwalengezayi pakufunika chiyani?"

Kampani ikangolengeza kuti ikufuna munthu, foni ya muofesi sipuma. Ena amaimba, ena amalemba uthenga, ena amabwera okha kudzaima pageti ndi envulopu yakhaki m'manja. Funso ndi limodzi: "Pakufunika chiyani kuti ndilembedwe?" Ndipo kawirikawiri amene amayankha si bwana amene anasainira chilengezocho, koma inu amene mwakhala pafupi ndi foni.

Yankho lofala mu Lusaka muno ndi lakuti, "Werengani chilengezo, zonse zili momwemo." Koma ambiri mwa ofunsawa anawerenga kale. Chimene akufuna kudziwa n'chakuti mapepala amene ali nawo m'manja akukwanira kapena ayi, asanawononge ndalama pa fotokope, pa zidindo ndi pa minibasi. Yankho lanu likhale loti munthu akalimva athe kusankha yekha, kutumiza kalata kapena kusunga ndalama zake. Likatero, inunso mulu wa makalata osayenera umachepa patebulo panu.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tinene kuti kampani yanu imagulitsa zipangizo zomangira, nyumba yosungiramo katundu ili cha ku msewu wa Mungwi, ndipo mukufuna kalaliki wosunga katundu. Chilengezo chikuti: satifiketi ya Giredi 12 yokhala ndi makirediti asanu kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, satifiketi ya maphunziro osunga ndi kugula katundu, zaka ziwiri pantchito yotere, komanso kudziwa kompyuta. Tsiku lachiwiri mwalandira uthenga wa mayi wina wa ku Mtendere:

"Mwaswera bwanji abwana. Ndaona kuti mukufuna wosunga katundu. Giredi 12 ndili nayo koma masamu ndinachita kubwereza pa GCE. Satifiketi ya TEVETA sinatuluke, ndili ndi kapepala ka zotsatira chabe. Ndagwirako m'shopu ya amalume ku Kamwala zaka zitatu. Kodi ndingatumize?"

Musanagwire foni, pitani kwa mwini ntchito

Gawo loyamba silichitikira pafoni. Tengani chilengezocho mupite nacho kwa amene munthu watsopanoyo adzakhale pansi pake, pano ndiye kuti woyang'anira nyumba ya katundu. Muwerengereni mzere uliwonse n'kumufunsa kuti, "Munthu atabwera alibe ichi, koma zina zonse ali nazo, mungamuitane kudzacheza naye?" Akati ayi, chimenecho ndi chofunika chenicheni. Akayamba kukanda m'mutu n'kumati "zimatengera munthu wake," chimenecho ndi chongokometsera.

Mudzadabwa kuona kuti mizere yambiri ya m'chilengezo inangokopedwa m'chilengezo cha chaka chatha, ndipo palibe amene anaiganizira. M'chitsanzo chathuchi, tinene kuti woyang'anirayo wayankha motere. Masamu sangawasiye, chifukwa munthuyu tsiku lililonse azidzawerenga matumba a simenti, malata ndi zitini za penti, n'kumafananiza ndi zimene zalembedwa pakapepala kobwera ndi lole. Satifiketi ya maphunziro akuifuna, koma amene wamaliza ndipo akungodikira pepala angamulandire. Zaka ziwiri si zoumirira ngati munthu akudziwa kulemba khadi la katundu wolowa ndi wotuluka. Pa kompyuta akungofuna munthu wotha kulowetsa manambala mu Excel osawasokoneza.

Lembani mayankhowa papepala limodzi, bwanayo aone n'kuvomereza, ndipo aliyense amene amayankha foni akhale ndi pepala lomwelo. Mlonda wa pageti mum'patsenso. Anthu ambiri obwera wapansi sadutsa pageti, ndiye zimene wawauza mlonda ndizo amabwerera nazo kukomboni ngati mawu a kampani.

Mumufunsenso za mabungwe a akatswiri. Ku Zambia kuno ntchito zina zimafuna kuti munthu akhale wolembetsedwa: owerengera chuma ku ZICA, mainjiniya ndi amisiri awo ku EIZ, ogula ndi kusunga katundu ku ZIPS. Ngati kampani yanu idzafuna umembala wa ZIPS pa udindo umenewu, zidziwike lero, osati munthu atapambana kale mafunso.

Werengani funso lake mpaka kumapeto

Uthenga wa mayi uja ukuoneka ngati funso limodzi, koma muli mafunso atatu, ndipo lililonse lili ndi yankho lake.

La GCE ndi losavuta mukadziwa mmene bungwe la mayeso la ECZ limaperekera magiredi. Pa Giredi 12, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 ndi 4 ndi meriti, 5 ndi 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 munthu wakhoza ndithu, koma si kirediti, ndipo 9 ndi kulephera. Choncho chilengezo chikati "makirediti asanu," tanthauzo lake ndi maphunziro asanu amene munthu anapeza kuyambira 1 mpaka 6. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Munthu amene ali ndi 7 pa masamu amanena ndi mtima wonse kuti masamu anakhoza, ndipo sakunama, koma sanafike pamene inu mukufuna. N'chifukwa chake poyankha muzitchula manambala enieniwo, osangoti "muyenera kukhala mutakhoza bwino."

Mayi wathuyu ngati anapeza makirediti anayi pamayeso oyamba, kenako 5 pa masamu a GCE, ndiye kuti asanu akwana, kungoti ali pamapepala awiri. Kampani iyenera kusankha ngati ikulola kuphatikiza. Ine ndimaona kuti kukana n'kudzimana dala. Munthu amene anagwa masamu n'kudzilipirira yekha kuti akalembenso wakuonetsani kale khalidwe lake. Koma mukalola, muuzeni kuti atumize mapepala onse awiri. Akatumiza la GCE lokha, wosankha makalata adzaona phunziro limodzi n'kuliika pambali.

La satifiketi yosatuluka layankhidwa kale ndi woyang'anira uja. Kapepala ka zotsatira kochokera ku TEVETA kapena kalata ya kukoleji yonena kuti anamaliza ndi yokwanira pakadali pano, ndipo satifiketi yeniyeniyo adzaonetsa ikatuluka.

La shopu ya amalume ndi limene lifunika kuliganizira. Anthu ambiri mu Lusaka anaphunzira ntchito m'mashopu a ku Kamwala, m'misika ngati Soweto ndi City Market, kapena m'mahadiweya a m'makomboni, komwe kulibe kalata yolembera munthu ntchito ngakhale kapepala ka malipiro. Mukangoti "tumizani umboni wa zaka ziwiri," mwawatsekera kunja onsewa, chonsecho ena mwa iwo amadziwa kusiyanitsa misomali ya mainchesi atatu ndi ya mainchesi anayi ali chitsinzinire. Muuzeni umboni umene mungalandire. Amene anagwira pakampani yolembetsedwa angabweretse kalata ya komweko, kapena sitetimenti ya NAPSA, imene imaonetsa olemba ntchito amene ankamuperekera ndalama ndi miyezi yake. Amene anagwira m'shopu ya wachibale alembetse kalata kwa mwini shopuyo, yotchula nthawi imene anayamba ndi kusiya, ntchito zimene ankagwira, ndi nambala ya foni imene mungaimbe. Kalata ya amalume payokha silemera kwenikweni, poti palibe malume amene anganyoze mwana wa mlongo wake papepala. Ndiye muuzeni mosabisa kuti akaitanidwa adzapatsidwa kantchito kakang'ono koyesera, monga kulemba khadi la katundu kuchokera pa timapepala tingapo tolandirira ndi totulutsira katundu.

Siyanitsani zofunika lero ndi zofunika akapambana

Apa ndi pamene mungam'pulumutsire munthu ndalama zambiri. Makampani ambiri amaunjika zonse pamzere umodzi: NRC, masatifiketi odindidwa, chitsimikizo cha ZAQA, kalata ya kupolisi, kalata ya kuchipatala, TPIN, nambala ya NAPSA. Munthu amene sali pantchito akaona mndandanda wotere amakongola ndalama kuti akwanitse zonse, pa ntchito imene mwina anthu mazana akuilimbirana ndipo wolembedwa ndi mmodzi.

Posankha oti muwaitane, mukungofunika kalata yofunsira ntchito, CV, kope ya NRC kapena kuti reji, ndi makope a masatifiketi. Basi. Ngati mukufuna kuti makopewo akhale odindidwa ndi Commissioner for Oaths, nenani, ngakhale kuti ine ndimakonda kungouza oitanidwawo kuti abwere ndi mapepala enieni tidzaone ndi maso.

Zotsalazo zili ndi nthawi yake. ZAQA ndi bungwe limene limatsimikiza kuti satifiketi ndi yeniyeni komanso kuti ili pa mlingo uti. Pamalipiridwa ndalama ndipo yankho silituluka tsiku lomwelo, ndiye mukapereka sabata imodzi yotumizira makalata n'kufunanso chitsimikizo cha ZAQA, mwasankha okhawo amene anali nacho kale. Ngati malamulo a kampani yanu akuchifuna kuyambira pachiyambi, chitchuleni m'mawu oyamba a yankho lanu kuti munthu ayambepo msanga. Ngati sakuumiriza, chisungireni amene afika pa mndandanda womaliza. Kalata ya kupolisi, imene munthu amakadinditsa zala, ndi yomveka kwa wosunga makiyi a katundu, koma ifunidwe kwa amene mwamusankha. TPIN ya ku ZRA, nambala ya NAPSA ndi za NHIMA ndi za woika munthu pa mndandanda wa malipiro. Sizikuuzani kanthu za luso la munthu, ndipo amene sanagwirepo ntchito yolembedwa akhoza kukhala alibe nambala ya NAPSA popanda cholakwa chilichonse.

Pali kanthu kena kamene ndi bwino kuchenjezeratu, makamaka kwa amayi. Dzina la pa NRC, la pa satifiketi ndi la pa CV likhale limodzi. Zimachitika kuti kusukulu munthu ankalembedwa ndi dzina la agogo amene ankamulera, kapena anasintha dzina atakwatiwa, kapena kalaliki wina analemba chilembo chimodzi molakwika. Zikasiyana, aphatikizepo pepala lofotokoza, kaya satifiketi ya ukwati kaya kalata yolumbira. Akapanda kutero, wosankha makalata amangoganiza kuti satifiketiyo ndi yobwereka.

Tsopano lembani yankho

Yambani ndi chimene wafunsa, inde kapena ayi, zifukwa zibwere pambuyo. Muyankheni m'chinenero chimene wafunsira, ndipo mum'patse ulemu womwe mukanapereka kwa kasitomala. Yankho la kwa mayi wa ku Mtendere lingakhale lotere:

"Taswera bwino Mayi, zikomo pofunsa. Inde, mungathe kutumiza. Masamu a GCE timalandira ngati munapeza pakati pa 1 ndi 6, ndipo mutumize mapepala onse awiri, la Giredi 12 ndi la GCE, kuti makirediti asanu aoneke pamodzi ndi Chingerezi. Kapepala ka zotsatira ka TEVETA ndi kokwanira pakadali pano. Za ku Kamwala, pemphani mwini shopu akulembereni kalata yonena zaka zimene munagwira, ntchito zimene munkachita ndi nambala yake ya foni. Zoti mutumize ndi izi: kalata yofunsira ntchito, CV, kope ya NRC mbali zonse ziwiri, ndi mapepala tatchulawa. Kalata ya kupolisi ndi za ZAQA musavutike nazo panopa, tidzapempha kwa amene asankhidwa. Ikani zonse mu fayilo imodzi ya PDF, mutumize pa imelo imene ili pachilengezo, pamutu mulembe Stores Clerk. Tikutseka Lachisanu pa 14, nthawi ya 17:00. Oitanidwa tidzawaimbira sabata yotsatira. Dziwani kuti kuno sitilipiritsa ndalama iliyonse pofunsira ntchito."

Onani kuti dzina la ntchito laperekedwa ndendende mmene lilili pachilengezo, chifukwa ndi mawu amene wosankha adzasake mu imelo. Tsiku latchulidwa ndi deti ndi ola lomwe. "Kumapeto kwa sabata" kwa wina ndi Lachisanu masana, kwa wina ndi Lamlungu usiku. Ngati mumalandiranso makalata a pamanja, nenani malo enieni ndi maola ake. Kuchoka ku Mtendere kukafika ku Mungwi ndi kukwera kawiri, kutsika m'tauni n'kukweranso ina, ndiye munthu asafike n'kupeza kuti wolandira makalata waweruka.

Za fayilo imodziyo musazione ngati zazing'ono. Ambiri amatumiza pafoni, zithunzi khumi zosiyana, zina zozondoka, zina zojambulidwa usiku pa kandulo magetsi atapita, moti giredi 3 ndi 8 sizisiyanika. Mukawauziratu kuti ajambule masana, pepala litagona pamalo osalala, ndipo manambala aziwerengeka, mwathandiza maso anu omwe.

Mawu omaliza aja onena za ndalama asamasowe m'yankho lililonse. Pali akathyali amene amatenga chilengezo chenicheni cha kampani, n'kuikapo nambala yawo, n'kumauza anthu kuti atumize kandalama ka fomu, ka yunifolomu kapena ka kuchipatala kudzera pafoni. Wobedwayo akazindikira amabwera kudzalira pageti panu. Choncho yankhani kudzera pa nambala kapena imelo ya kampani, osati yanu. Ndipo munthu akakuuzani kuti "ndidzakuonani bwino zikatheka," mukanireni pomwepo mwaulemu, chifukwa mukangoseka osayankha iye amamva ngati mwavomera.

Pamene yankho ndi ayi

Tisinthe pang'ono chitsanzo chathu. Tinene kuti mayiyo wayankha kuti pa GCE paja anapeza 7. Musazungulire. "Pepani Mayi, pa ntchito iyi tikufuna masamu a pakati pa 1 ndi 6, ndiye 7 sakukwanira. Mukadzalembanso n'kukweza, mudzayesenso tikadzalengeza ina." Ambiri timaopa kukhumudwitsa munthu, ndiye timati "ingotumizani, mwina mwayi ungagwe." Kumeneko si kukoma mtima. Inu mukudziwa kuti kalatayo sidzadutsa, koma mwamusiya awononge ndalama ndi kukhala milungu iwiri akuyang'ana foni.

Mbali inayo nayonso ndi yoopsa. Ngakhale munthu akwanitse zonse, mawu anu asapitirire pa "mungathe kutumiza." Mukati "inu ndiye munthu amene tikufuna," mawa adzauza a kunyumba kuti ntchito yapezeka.

Mafunso amene amabwera m'mbali

Akamva kuti mukuyankha bwino, amawonjeza ena. Za malipiro, nenani zimene mwaloledwa kunena. Ngati kampani yakupatsani chiwerengero, fotokozani ngati ndi ndalama zonse asanadule kapena zolowa m'thumba, poti pamachoka 5 peresenti ya NAPSA, 1 peresenti ya NHIMA, ndi msonkho ngati malipirowo afika poyenera kudulidwa. Ngati simunaloledwe, nenani kuti zidzakambidwa ndi oitanidwa, osapeka nambala. Za mtundu wa ntchito, munthu ali ndi chifukwa chomveka chofunsira ngati ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti ya miyezi yowerengeka. Akafunsa za nthawi yoyesedwa, lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limalola miyezi yosapitirira itatu, imene ingawonjezedwe ndi ina yosapitirira itatu.

Lamulo lomweli limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi pakati, kukhala pabanja kapena ayi, ulumali ndi zina zotero. Izi zimakhudza yankho lanu mwachindunji, chifukwa tsankho lambiri silikhala pachilengezo, limatulukira pakamwa pa woyankha foni. Mayi akafunsa ngati akazi angatumize, wina amangoti, "Aa, kuja n'konyamula simenti, tikufuna amuna." Ngati ntchitoyo ilidi ndi kunyamula, nenani za ntchitoyo: kuti nthawi zina pamafunika kuthandiza kusuntha matumba a makilogalamu 50, kapena kuti pamakhala kuweruka usiku lole ikachedwa. Munthu aziyeze yekha. Musamufunsenso kuti kwawo n'kuti, ali ndi ana angati, kapena amapemphera kuti. Ngakhale mutafunsa mongocheza chifukwa mwamva kalankhulidwe ka ku Katete kapena ku Chadiza, iye akapanda kuitanidwa adzakumbukira funso limenelo, ndipo akaitanidwa anzake adzati munakondera wakwanu.

Nthawi zina wofunsa amakhala wochokera kutsidya, ali ndi MSCE ya ku Malawi m'malo mwa Giredi 12. Pamenepo pali zinthu ziwiri zosiyana. Satifiketi yakunja imapita ku ZAQA kuti aiyerekeze ndi za kuno. Ndipo ngati munthuyo si nzika ya Zambia, pafunikanso chilolezo chogwirira ntchito chochokera ku ofesi yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko. Funso lotere musaliyankhe nokha pafoni, lipititseni kwa woona za antchito.

Wina adzafuna kukutumizirani chithunzi cha NRC ndi masatifiketi pa foni yanu kuti "mungoonako ngati zili bwino." Kanani, mumuuze atumize kumene onse akutumiza. Mapepala amenewa ali ndi zonse zimene wakuba angafune kuti adzitche dzina la munthu wina, ndipo kuyambira 2021 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, limene limaika udindo pa amene wasonkhanitsa zinthu zotere. Foni yanu ikabedwa m'minibasi, mareji a anthu osalakwa apita nayo.

Funso likabwerezedwa

Sungani kabuku pafupi ndi foni, muzilemba funso lililonse latsopano ndi yankho limene mwapereka. Wachiwiri wofunsa za GCE alandire mawu omwewo amene analandira woyamba, kaya ndi mlendo kaya ndi mwana wa mnzanu wa kutchalitchi. Mukaona kuti anthu asanu kapena khumi afunsa chinthu chimodzi, vuto lili m'chilengezo. Pitani kwa bwana, mukonze mzerewo, mulengezenso. Ngati kukonzako kwasintha chofunika chenicheni, monga kuyamba kulola GCE pomwe poyamba munkakana, imbiraninso amene munawabweza aja, ndipo pemphani kuti tsiku lotsekera lisunthidwe ndi masiku angapo kuti nawonso akwanitse kusonkhanitsa mapepala awo.